Tchati cha Gantt: kuyala ntchito zodalirana pokonzanso ofesi m'miyezi itatu

Tchati cha Gantt ndi chojambula chimene chimayala ntchito pa kalendala. Kumanzere kumalembedwa mayina a ntchito, ina pansi pa inzake, ndipo pamwamba pamandandalikidwa masiku kapena masabata. Ntchito iliyonse imakhala ndi mzere wake wokhuthala wogona chopingasa, woyambira pa tsiku limene ntchitoyo iyambe n'kukalekezera pa tsiku limene ithe. Munthu akangoponya maso amaona kutalika kwa ntchito iliyonse, komanso ntchito zimene zikuchitika nthawi imodzi.

Dzinali ndi la Henry Gantt, injiniya wa ku America amene anabadwa mu 1861 n'kumwalira mu 1919. Iye anakonza matchati ake cha m'ma 1910 pofuna kuyang'anira ntchito za m'mafakitale, ngakhale kuti injiniya wa ku Poland, Karol Adamiecki, anali atapanga kale chojambula chofanana nacho mu 1896. Matchati oyambirira a Gantt sankasonyeza kuti ntchito yakuti ikudikira ntchito yakuti. Masamu a kudalirana kwa ntchito anakhwima kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, makamaka pa ntchito za kampani ya DuPont, ndipo ndi pambuyo pake pamene mivi yolumikiza mizere inazolowereka pa tchati. Pa ntchito yokonzanso nyumba, mivi imeneyi ndiyo imapatsa tchati phindu. Tchati chopanda mivi chimangonena zimene eni ntchito akulakalaka, pomwe cha mivi chimatha kuyankha funso limene limasowetsa tulo mkulu wa ofesi, lakuti mmisiri wakuti akachedwa sabata imodzi, kodi tsiku lolowera mu ofesi lisuntha kapena ayi.

Chitsanzo

Tiyerekeze kampani ya mu Blantyre imene ikukonzanso ofesi yake ya mamita 200 m'bwalo lonse la pansi. Makoma ena akale agumulidwa, atsopano a mabuloko a simenti amangidwa, mawaya a magetsi ndi a makompyuta aikidwa mwatsopano, ndipo zipinda za mabwana zitchingidwa ndi magalasi a mafelemu a aluminiyamu ochokera ku South Africa. Antchito asamukira kaye m'nyumba ya lendi imene pangano lake ndi la masabata 13, kuyambira Lolemba loyamba la Juni mpaka chakumapeto kwa Ogasiti. Akadutsitsa pamenepo, kampani ilipira lendi ya mwezi wina, kapena isowa pogwirira ntchito ngati mwini nyumbayo walonjeza kale anthu ena.

Tchati sichiyambira pa madeti. Choyamba ndi kukhala pansi ndi kontilakitala ndi kapitawo wake n'kulemba ntchito zonse, kenako pa iliyonse n'kufunsa mafunso awiri: itenga nthawi yaitali bwanji, ndipo n'chiyani chiyenera kutha kuti iyo iyambe? Funso lachiwirili amayankha bwino ndi amisiri eni ake. Wamagetsi adzanena kuti sangaseme njira za mapaipi ake pa khoma limene silinamangidwe. Wopaka pulasitala adzanena kuti sangakwirire khoma wamagetsi asanatsirize, chifukwa akatero khomalo lidzasemedwanso. Madeti amatuluka okha m'mayankho amenewa. Zotsatira zake pa ofesi yathuyi zikhoza kukhala motere:

| Na. | Ntchito | Imadikira | Sabata |
|---|---|---|---|
| 1 | Kusamutsa antchito ndi katundu | palibe | 1 |
| 2 | Kugumula ndi kuchotsa zinyalala | 1 | 2 |
| 3 | Kumanga makoma atsopano | 2 | 3–4 |
| 4 | Mapaipi a magetsi ndi a madzi, kukoka mawaya | 3 | 5 |
| 5 | Pulasitala | 4 | 6 |
| 6 | Kuuma kwa pulasitala | 5 | 7–9 |
| 7 | Siling'i | 5 | 7 |
| 8 | Matailosi | 7 | 8 |
| 9 | Kuyeza, kuitanitsa ndi kudikira magalasi | 3 | 5–9 |
| 10 | Penti | 6 ndi 8 | 10 |
| 11 | Kuika magalasi | 8 ndi 9 | 10 |
| 12 | Masoketi, maswichi, nyale ndi kuyesa magetsi | 10 | 11 |
| 13 | Kulowetsa mipando ndi kubwerera | 11 ndi 12 | 12 |

Mizere 13 pa ntchito ya miyezi itatu ndi yochepa, ndipo tchati chenicheni chingakhale ndi mizere 30 kapena 40. Chofunika n'chakuti mzere uliwonse ukhale ndi mwini wake mmodzi komanso mathero oti munthu angaloze ndi chala. "Zamagetsi" si mzere wabwino, chifukwa wamagetsi amabwera kawiri, pulasitala asanapakidwe ndiponso penti atauma, ndipo pakati pa maulendo awiriwo pali masabata asanu. Akalembedwa ngati mzere umodzi wautali, kudalirana kwake ndi amisiri ena kumabisika.

Msana wa ntchito

Tikatsatira mivi kuchokera pa ntchito yoyamba kufika pa yomaliza, tipeza kuti pali njira zingapo. Yoyamba imadutsa pa kusamutsa, kugumula, kumanga, mapaipi, pulasitala, kuuma, penti, masoketi ndi kubwerera. Tikawonkhetsa masabata ake (1, 1, 2, 1, 1, 3, 1, 1, 1) tipeza 12. Njira yachiwiri imapatuka pa pulasitala n'kudzera pa siling'i ndi matailosi isanakafike pa penti, ndipo ndi ya masabata 11. Yachitatu imapatuka makoma akangomangidwa n'kudzera pa magalasi, nayonso ndi ya masabata 11.

Njira yaitali kuposa zonse ndiyo imalamula tsiku lomaliza, ndipo m'nkhani ino tiitchula kuti msana wa ntchito. Ntchito iliyonse ya pa msanawu ikachedwa tsiku limodzi, kulowa mu ofesi kumachedwanso tsiku limodzi. Ntchito za m'njira zinazo zili ndi mpata, kutanthauza nthawi imene zingachedwe popanda kusuntha tsiku lomaliza. Mpata wa njira umapezeka pochotsa kutalika kwake pa kutalika kwa msana: 12 kuchotsa 11 ndi sabata imodzi.

Apa pali msampha umene umakola anthu ambiri. Pulogalamu ya pa kompyuta idzasonyeza kuti siling'i ili ndi mpata wa sabata imodzi, matailosi nawonso ali ndi mpata wa sabata imodzi. Koma sabatayo ndi imodzi yomweyo, ya njira yonse. Kalipentala akauzidwa kuti ali ndi mpata n'kumaliza siling'i m'sabata ya 8 m'malo mwa ya 7, woika matailosi amayamba m'sabata ya 9 alibe ndi tsiku limodzi lomwe lopumira, popeza penti akuyamba Lolemba lotsatira. Kalipentala sanaphwanye pangano lililonse, komabe wasandutsa matailosi kukhala ntchito ya pa msana. N'chifukwa chake kapitawo wanzeru salengeza mpata kwa mmisiri aliyense payekha, amausunga m'manja mwake.

Msana nawo sukhala malo amodzi. Tiyeni titenge magalasi. Sangaitanitsidwe makoma asanamangidwe, chifukwa amadulidwa potsatira miyeso yeniyeni ya malo ake, ndipo galasi lolimbitsidwa ndi moto silidulidwanso likatuluka m'fakitale. Masabata asanu amene taikawo akuphatikiza kutumiza ndalama zakunja, kupanga, ulendo wa pa msewu mpaka pa chipata cha Mwanza, ndi kulipira msonkho. Zonsezi zili kunja kwa mphamvu za kontilakitala. Magalasi akachedwa sabata imodzi, amaikidwa m'sabata ya 11 ndipo kubwerera kumachitikabe m'sabata ya 12. Akachedwa masabata awiri, amaikidwa m'sabata ya 12, kubwerera kumagwera m'sabata ya 13, ndipo njira ya magalasi, imene tsopano yafika masabata 13, ndiyo yasanduka msana. Zikatero kuthamangitsa wapenti n'kutaya mphamvu pachabe, chifukwa ngakhale atagwira usiku ndi usana tsiku lolowera silisuntha. Magalasi akachedwa masabata atatu, pangano la lendi latha ofesi isanathe.

Mzere wa nambala 9 umaoneka ngati wopanda kanthu, popeza palibe mmisiri amene akugwirapo ntchito pamalopo. Ambiri saulemba n'komwe, amangolemba "kuika magalasi" m'sabata ya 10. Akatero tchati sichikumbutsa aliyense kuti woyeza ayenera kufika Lolemba la sabata ya 5, komanso kuti akawunti ayenera kukhala atakonza malipiro tsiku limenelo lisanafike. Katundu aliyense wochedwa kufika ayenera kukhala ndi mzere wakewake, ndipo chimodzimodzinso chisankho chilichonse chimene abwana ayenera kupanga, monga mtundu wa matailosi. Kuchedwa kwambiri kumabadwira mu ofesi ya mwini ntchito osati pa malo omangira.

Nthawi yodikira

Mzere wautali kwambiri pa msana wathu si wa ntchito ya manja, ndi wa kuuma kwa pulasitala. Pulasitala wa simenti ndi mchenga amasunga madzi ambiri, ndipo akadali watsopano amakhala ndi ukali umene umadya penti. Opanga penti amalemba pa chitini kapena pa pepala la malangizo nthawi yoyenera kudikira, ndipo ena amafika pa masiku 28. Pano taika masabata atatu ngati chitsanzo. Nambala yeniyeni ichokere pa penti amene wasankhidwa. Khoma likapakidwa lisanaume, penti amatupa matuza, amasupuka, kapena pamatuluka zoyera ngati mchere. Zimenezi nthawi zambiri zimaonekera patapita masabata, antchito atalowa kale ndipo kontilakitala atalandira ndalama zake.

Nthawi yodikira imasiyana ndi nthawi ya ntchito pa zinthu ziwiri. Choyamba, siifupikitsidwa powonjezera anthu. Makoma a masabata awiri angathe kumangidwa m'masiku ochepa omanga akachuluka, koma khoma limauma pa liwiro lake ngakhale patakhala amisiri 50. Chimene chimathandiza ndi mpweya: kutsegula mawindo ndi kuyatsa mafani. Nyengo nayo imalowererapo. Masabata a 7 mpaka 9 a ndondomeko yathu akugwera chapakati pa Julayi mpaka kuchiyambi kwa Ogasiti, nthawi imene Blantyre amakutidwa ndi chiperoni, ndipo m'masiku ozizira a nkhungu ndi mawawa khoma limachedwa kuuma kusiyana ndi mu Okutobala. Tchati chimangonena tsiku loyembekezeka. Chotsimikizira ndi kachipangizo koyezera chinyezi, kapena, ngati kalibe, kumata pepala la pulasitiki pakhoma ndi tepi m'mbali zonse n'kulisiya tsiku lathunthu. Kukapezeka thukuta kunsi kwa pepalalo kapena khoma litada, penti adikire.

Chachiwiri, kudikira kumayenda ndi masiku onse a pa kalendala, pomwe ntchito imayenda ndi masiku ogwira ntchito okha. Khoma limauma Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Mu Microsoft Project, munthu akafuna kuti penti ayambe patatha masiku 21 pulasitala atatha, amalemba m'danga la `Predecessors` la ntchito ya penti motere:

```
5FS+21ed
```

Apa `5` ndi nambala ya ntchito ya pulasitala, `FS` akutanthauza kuti yoyambayo ithe kenako inayo iyambe, ndipo `ed` ndi masiku a pa kalendala. Akalemba `21d`, pulogalamu iwerenga masiku ogwira ntchito 21, amene ndi masabata anayi ndi tsiku limodzi, ndipo ndondomeko italika ndi nthawi yoposa sabata popanda chifukwa. Ngakhale kulemba kotereku n'kololedwa, n'kwabwino kuika kuuma ngati mzere wooneka ndi maso monga tachitira pamwambapa. Mkulu wa kampani akaona danga la masabata atatu lopanda kanthu pakati pa pulasitala ndi penti amaganiza kuti wina akuchita ulesi, ndipo amalamula kuti litsekedwe.

Masiku a tchuthi alowetsedwe mu kalendala ya tchati pachiyambi pomwe. Tchuthi cha ufulu wodzilamulira cha pa 6 Julayi chikugwera m'sabata ya 5 kapena ya 6 ya ndondomeko yathu, malingana ndi chaka, ndipo masabata onse awiriwo ali pa msana. Sabata imeneyo ili ndi masiku anayi ogwira ntchito, osati asanu.

Kuchikonza popanda pulogalamu yapadera

Ofesi zambiri zimakonza tchati mu Excel kapena Google Sheets, ndipo pa ntchito ya msinkhu uwu n'zokwanira, bola madeti asalembedwe ndi manja. Tsiku loyamba la ntchito lichokere pa tsiku lomaliza la ntchito zimene ikudikira. Tinene kuti danga la `B` lili ndi kuchuluka kwa masiku, `C` tsiku loyamba, `D` tsiku lomaliza, ndipo masiku a tchuthi alembedwa pamalo otchedwa `tchuthi`. Pa ntchito ya mu mzere wa 11 imene ikudikira za m'mizere ya 7 ndi 9, `C11` ndi `D11` zikhala motere:

```
=WORKDAY(MAX(D7,D9),1,tchuthi)
=WORKDAY(C11,B11-1,tchuthi)
```

`MAX` amasankha ntchito yochedwa kutha pa ziwirizo, ndipo lamulo la kudalirana lagona pamenepo: ntchito yodikira zinthu ziwiri imayamba chomalizacho chikatha. `WORKDAY` amadumpha Loweruka, Lamlungu ndi tchuthi, choncho pa mzere wa kuuma asagwiritsidwe ntchito. Pamenepo masiku amangowonkhetsedwa. Ngati amisiri amagwira ntchito Loweruka, monga zimakhalira m'malo ambiri omangira, pali `WORKDAY.INTL`, ndipo nambala `11` mkati mwake imatanthauza kuti Lamlungu lokha ndilo lopuma.

Njira yodziwira ngati tchati chili ndi moyo ndi yapafupi. Wonjezerani masiku asanu pa kumanga makoma. Ngati tsiku lobwerera silinasunthe, pali muvi umene ukusowa penapake kapena deti limene linalembedwa ndi manja.

Makoma akachedwa

Tinene kuti simenti yasowa mumzinda ndipo makoma atha kumapeto kwa sabata ya 5 m'malo mwa ya 4. Popeza kumanga kuli pa msana, zonse zakutsogolo zasuntha, ndipo kubwerera kwagwera m'sabata ya 13. Nthawi yotayikayo ingabwezedwe pa ntchito za pa msana zokha. Kufulumizitsa siling'i kapena matailosi sikubweza kanthu.

Njira yodalirika ndi kugawa ofesi m'zigawo ziwiri, ya kum'mawa ndi ya kumadzulo. Wamagetsi akamaliza chigawo cha kum'mawa m'masiku atatu, opaka pulasitala amalowamo iye akupitiriza kumadzulo. Kudalirana kwasintha mtundu: pulasitala sakudikiranso kuti mapaipi onse athe, akuyamba masiku atatu wamagetsi atayamba, zimene mu Microsoft Project zimalembedwa `4SS+3d`. Masiku awiri abwezedwa pamenepo. Kugawa komweko kumalola kuti chigawo choyamba kuuma chiyambenso kupakidwa penti, ndipo wamagetsi atsatire wapenti chipinda ndi chipinda poika masoketi, n'kubwezanso masiku awiri kapena atatu.

Kulowetsana ntchito kotereku kuli ndi mtengo wake. Mawaya a chigawo choyamba ayenera kuyenderedwa ndi kuvomerezedwa asanakwiriridwe, apo ayi soketi yoiwalika idzafuna kuti pulasitala watsopano asemedwe, ndipo chigambacho chidzayamba chokha masabata ake ouma. Kulinso malire. Magalasi nawo anadikira makoma omwewo, choncho tsopano afika kumapeto kwa sabata ya 10 n'kuikidwa m'sabata ya 11. Mpata wawo watha, ndipo ngakhale amisiri atabweza masiku oposa asanu, kubwerera sikungachitike sabata ya 12 isanafike.

Zimene tchati sichiona

Tchati chimalola mizere iwiri kuyenda limodzi ngakhale ntchito zonse ziwiri zili m'manja mwa munthu mmodzi. Ngati wamagetsi yemweyo ndiye akukoka mawaya a makompyuta, ntchito ziwiri za masiku asanu aliyonse zikhoza kujambulidwa m'sabata imodzi koma zidzatenga masabata awiri. Kulemba dzina la gulu la amisiri pa mzere uliwonse, kenako n'kuwerenga tchati chotsika sabata ndi sabata, kumavumbula zoterezi. Malo nawonso sichiwaona. M'sabata ya 10 wapenti ndi oika magalasi ali m'nyumba imodzi. Wina akufuna mpweya wopanda fumbi, anzakewo akuboola makoma. Pa pepala palibe kuwombana, koma kapitawo ayenera kuwagawira zipinda ndi masiku.

Tchati sichidziwanso ngati nambala zimene chapatsidwa ndi zoona. Kontilakitala wofuna kupata ntchito amatchula masiku ochepa, ndipo mmisiri woopa kudzudzulidwa amatchula ochuluka. Kufunsa kuchuluka kwa ntchito kumathandiza kusiyana ndi kufunsa masiku: mamita angati a khoma, amisiri angati, ndipo mmodzi amamanga mamita angati pa tsiku.

Kuchisamalira ntchito ili mkati

Ndondomeko yoyamba ikavomerezedwa isungidwe osaisinthanso (mu Microsoft Project lamulo lake ndi `Set Baseline`, mu Excel ndi kukopera madeti m'madanga ena), kuti sabata iliyonse zenizeni ziyerekezedwe ndi zimene zinalonjezedwa. Lachisanu lililonse woyang'anira ayendere malowo ndi kapitawo, alembe tsiku lenileni limene ntchito iliyonse inayamba kapena kutha, ndipo pa ntchito zimene zili mkati afunse masiku otsala. Funso lakuti "mwafika pati?" limabala yankho lakuti "tatsala pang'ono", limene lingabwerezedwe Lachisanu katatu. Funso lakuti "kwatsala masiku angati, ndi anthu angati?" limabala nambala yoti n'kuilowetsa mu tchati. Akatero aone zinthu ziwiri: tsiku lomaliza lili pati tsopano, ndipo msana ukudutsa m'ntchito ziti sabata ino.

Sabata ya 13, imene yatsala pakati pa masabata 12 a msana ndi kutha kwa lendi, ijambulidwe ngati mzere wakewake kumapeto kwa tchati. Ikagawidwa tsiku limodzilimodzi kwa amisiri imatha osaoneka, chifukwa mmisiri wopatsidwa masiku asanu ndi limodzi pa ntchito ya masiku asanu amawagwiritsa ntchito onse. Ikakhala pamodzi kumapeto, kuchepa kwake kumawerengeka. Ngati pofika sabata ya 4 masiku atatu mwa asanuwo adyedwa kale, pamene kuuma kwa m'chiperoni ndi ulendo wa magalasi zikadali kutsogolo, imeneyo ndiyo nthawi yokambirana ndi mwini nyumba ya lendi za kuwonjezera masabata awiri, iye asanasainirane pangano ndi wolowa wina.